Kusankha dpi popanga sikani zithunzi zakale ndi manegetivu pakhomo

Azakhali anabwera kuchokera ku Katete ndi chitini cha mabisiketi chodzaza zithunzi. Ankafuna chinthu chimodzi chokha: chithunzi cha malemu agogo aamuna choti tichisindikize papepala la A4, tichiike m'fulemu, chikaimikidwe patebulo tsiku lovundukula chiliza. M'chitinimo agogowo anali malo atatu. Panali chithunzi chochapidwa kusitudiyo cha masentimita 10 ndi 15, pomwe aima ndi anthu ena anayi ku mwambo wa Kulamba ku Mkaika. Panali kachithunzi ka pachiphaso, kokhala ngati sitampa, konyamula nkhope yokha. Ndipo pansi penipeni, m'kachikwama kapepala, munali chidutswa cha negetivu cha tsiku lomwelo la Kulamba.

Zinthu zitatuzi sizingajambulidwe ndi nambala imodzi. Ndikuyendetsani mmene ndinachitira ndi chilichonse, chifukwa mukamvetsa zitatuzi, zina zonse za m'chitini chanu muzisankhira nokha.

Choyamba: yezani chinthucho, ndipo dziwani kumene chikupita

Musanayatse n'komwe sikana, tengani lula. Nambala imene pulogalamu imakufunsani pomwe palembedwa `Resolution` imayezedwa mu dpi, ndipo tanthauzo lake ndi lakuti pa inchi iliyonse ya chinthu chagona pagalasi, sikana itole timadontho tingati. Timadontho timeneti, tikalowa m'kompyuta, ndiye mapikiselo. Inchi imodzi ndi masentimita 2.54, ndiye chithunzi cha masentimita 10 ndi 15 chija ndi pafupifupi mainchi 4 ndi 6. Mukachijambula pa 300 dpi mupeza mapikiselo 1200 m'lifupi ndi 1800 m'litali. Mukakwera pa 600 dpi mupeza 2400 ndi 3600.

Tsono yang'anani mbali inayo, komwe chithunzi chikupita. Kuti chosindikizidwa chioneke bwino munthu atachigwira m'manja, chimafuna mapikiselo pafupifupi 300 pa inchi iliyonse ya pepala. Pepala la A4 ndi masentimita 21 ndi 29.7, choncho kulidzaza bwino kumafuna mapikiselo 2480 ndi 3508. Masamu onse a ntchitoyi ali pamenepa:

```
dpi = (kukula kofunika / kukula kwa chinthu) x 300
```

Kunena kwina, dzifunseni kuti chinthuchi ndichikulitsa kangati, kenako chulukitsani ndi 300. Chithunzi cha 10 ndi 15 kupita pa A4 ndi kukulitsa pafupifupi kawiri, ndiye 600. Yankho likagwera pakati, monga 857, tengani nambala yotsatira pamwamba yomwe ili pamndandanda wa sikana yanu, nthawi zambiri 1200. Mapikiselo otsala mutha kuwachepetsa tsiku lina, koma osowa simungawabwereke kwina kulikonse.

Chachiwiri: musakhulupirire nambala ya pakatoni

Masikana amalembedwa manambala awiri. Ina ndi yomwe diso la makinawo limaonadi, imene pamapepala ake imatchedwa `optical resolution`. Inayo, yaikulu mochititsa mantha ngati 9600 kapena 19200, kawirikawiri ndi `interpolated`, kutanthauza kuti makinawo aona timadontho tochepa kenako n'kupeka tina todzazira pakati. Zili ngati kuthira madzi m'mkaka: chidebe chadzaza, koma mkaka ndi womwe uja. Pamwamba pa nambala yoyamba ija musapitepo. Ndipo mukaona polembedwa 1200 x 2400, yowerengera ndi yaing'onoyo.

Pali chinanso choti mutsimikize lero lomwe. Pulinta ya zonse pamodzi, ija imasindikiza, kukopa ndi kupanga sikani, imagwira bwino ntchito pa zithunzi za papepala, koma nthawi zambiri negetivu siingathe. Pepala limajambulidwa ndi kuwala kobwerera kuchokera pansi, pamene negetivu imafuna kuwala kodutsa mkati mwake kuchokera pamwamba. Tsegulani chivundikiro. Ngati nsalu yoyera ija imachoka ndipo kuseri kwake kuli kagalasi kotalika ka nyali, muli ndi mwayi, ndipo payenera kukhalanso tizitsulo kapena timapulasitiki togwirira filimu. Ngati kulibe nyali, negetivu idzatuluka ngati chigamba chakuda ngakhale musinthe chilichonse m'pulogalamu.

Chachitatu: fumbi

Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, fumbi la kuno ku Chipata limalowa ngakhale m'nyumba yotseka mawindo. Pa 300 dpi kafumbi sikaoneka kwenikweni. Pa 2400 dpi kamatuluka ngati mwala pamphumi pa munthu. Pukutani galasi ndi kansalu kofewa ka magalasi a m'maso. Ngati mukufuna mankhwala opukutira, athireni pansalu, osati pagalasi, kuti asalowe m'mphepete. Zithunzi zisese ndi bulashi yofewa youma. Negetivu igwireni m'mbali mokha ndipo muipemerere ndi kampira kopopera mpweya, osati ndi pakamwa, chifukwa malovu amasiya madontho osachoka. Ngati zithunzi zinamatirirana nthawi ya dzinja kapena china chinamatira kugalasi la fulemu, musachikoke. Mukachikoka, chojambulidwacho chimatsala pagalasi. Chijambuleni ndi galasi lomwelo kaye, zina muziganiza pambuyo.

Chachinayi: chithunzi cha papepala

Tsegulani pulogalamu ya sikana m'njira yomwe imakulolani kusankha nokha. Mu Epson Scan imatchedwa `Professional Mode`. Mapulogalamu ena amati `Advanced`, ndipo VueScan, yomwe imathandiza masikana akale amene mapulogalamu awo anasiya kugwira, ili ndi zosankha zomwezo m'maina ena. Njira ya `Full Auto` imakusankhirani zonse, ndipo imakonda dpi yotsika ndi JPEG yofinyidwa.

Pa chithunzi cha ku Kulamba chija ndinaika motere:

```
Document Type: Reflective
Image Type: 24-bit Color
Resolution: 600 dpi
Target Size: Original
Unsharp Mask: off
```

`Target Size` muisiye pa `Original`, chifukwa mukaisintha, dpi ija imayamba kunena za kukula kwa chotuluka, osati kwa chinthu chili pagalasi, ndipo masamu athu aja amasokonekera. Dinani `Preview`, kenako kokani mzere wodulira kuzungulira chithunzi chokha, musiye kampata kakang'ono kuti m'mphepete muoneke. Mukasiya galasi lonse, pulogalamu imayeza kuwala powerengera ndi chivundikiro choyera chija, chithunzi n'kutuluka chakuda kuposa mmene chilili, fayilo n'kulemera pachabe.

Chifukwa chiyani 600, osati 1200 kapena 2400? Pepala lochapidwa kusitudiyo lili ndi malire a zomwe linasunga. Zithunzi zambiri zamitundu zochokera m'makina ochapira mwachangu zilibe zambiri zopitirira zomwe 300 dpi imatola, ndipo 600 imakupatsani kale malo okulitsira ndi odulira. Mukapitirira pamenepo mumayamba kujambula khungu la pepala: timabowo, zokandika, zidindo za zala. Mutha kudziyesera. Jambulani diso la munthu mmodzi pa 600 ndi pa 1200, muziike pambali pa kompyuta mpaka zikule mofanana. Ngati pa 1200 simukuona nsidze kapena ulusi wa malaya umene pa 600 sunaoneke, mwangochulukitsa fayilo kanayi. Ndati kanayi, osati kawiri, chifukwa dpi ikawirikiza, mapikiselo amawirikiza m'lifupi ndi m'litali momwe. Chithunzi chathuchi pa 600 dpi, posungidwa ngati fayilo yosafinya ya mtundu wa TIFF, ndi mamegabayiti pafupifupi 26. Pa 1200 ndi oposa 100.

Ngakhale chithunzi chikhale chakuda ndi choyera, ine ndimachijambula pa `24-bit Color`. Zithunzi zakale zimakhala ndi madontho achikasu a chinyezi, ndipo dontho limene likadali ndi mtundu wake ndi losavuta kulichotsa pokonza kusiyana ndi limene lasanduka lotuwa n'kusakanikirana ndi nkhope. Chomwe musakhudze ndi `Black & White`. Imeneyo ndi ya makalata: imadziwa kuda ndi kuyera basi, yopanda zapakati, ndipo nkhope imatuluka ngati ya pa fotokope.

Koma vuto linatulukira apa. Pa chithunzicho agogo ndi mmodzi mwa anthu asanu, ndipo kuchokera kumutu mpaka m'chiuno ndi masentimita 4 okha. Azakhali sankafuna gulu lonse, ankafuna bambo awo. Kukulitsa masentimita 4 kufika 29.7 ndi kukulitsa koposa kasanu ndi kawiri, ndipo masamu akuti 2400 dpi. Ndinayesa. Mapikiselo anakwana, koma nkhope inali ngati yoionera m'madzi. Masamu amakuuzani mapikiselo ofunika. Sakulonjezani kuti pepala lili ndi zodzazira mapikiselowo. Chithunzi cha papepala mukachikulitsa kawiri chimapirira, katatu chimayamba kufooka, kupitirira apo ndi chongoonera patali.

Kachithunzi ka pachiphaso kanachita bwinoko, popeza nkhope inadzaza pepala lonse. Ndi ka mamilimita 35 ndi 45. Kukafikitsa pa masentimita 10 m'lifupi ndi kukulitsa pafupifupi katatu, ndiye 857, ndipo ndinatenga 1200 dpi, zomwe zinandipatsa mapikiselo pafupifupi 1650 ndi 2130. Tizithunzi tating'ono ndi pomwe 1200 imagwira ntchito papepala. Kanatuluka kokwanira kusindikiza pa pulogalamu ya mwambo, ngakhale ngodya ina inali ndi chidindo cha ofesi. Pa A4 sikakanatha.

Zinthu ziwiri zina mudzakumana nazo. Chithunzi chodulidwa m'nyuzipepala, m'kalendala kapena pa pulogalamu ya maliro chinapangidwa ndi timadontho ta inki, ndipo sikana imachitulutsa ndi mizere yopingasa ngati mkeka. Pamenepo yatsani `Descreening`; pa chithunzi chenicheni muizimitse chifukwa imafewetsa. Ndipo zithunzi zina za m'situdiyo zakale zili papepala la timabowo ngati zisa za njuchi, lomwe limanyezimira nyali ya sikana ikadutsa. Kukweza dpi kumangoonjezera vutolo. Yesani kuchitembenuza pagalasi kuti chigone chopingasa, chifukwa kuwala kukachokera mbali ina kunyezimira kumachepa.

Chachisanu: negetivu

Apa ndi pomwe anthu ambiri amalakwitsa, chifukwa amasiya 300 kapena 600 ija ya papepala. Chithunzi chimodzi pa filimu ya mamilimita 35 ndi cha mamilimita 24 ndi 36, ndiko kuti osakwana inchi imodzi m'lifupi. Pa 300 dpi mupeza mapikiselo 283 ndi 425, osakwanira ngakhale kuonera pafoni. Komatu kanthu kakang'onoka ndi komwe kanali m'kamera, ndipo kanasunga zambiri kuposa pepala lomwe linachapidwa kuchokera kwa iko. Kuwala ndi mithunzi zomwe papepala zinatayika, mu negetivu nthawi zambiri zikadalimo.

Kuchokera pa mamilimita 24 kufika masentimita 21 a A4 ndi kukulitsa ka 8.75, ndipo kuchulukitsa ndi 300 kukupereka 2625. Pa 2400 dpi mupeza mapikiselo pafupifupi 2270 ndi 3400, omwe pa A4 akuperewera pang'ono kwambiri moti diso silingazindikire. Pa 3200 dpi mupeza pafupifupi 3020 ndi 4540, okwanira A4 ndi kotsala kodulira. Ine pa sikana ya galasi ya panyumba ndimaima pa imodzi mwa ziwirizi. Masikana amenewa, ngakhale alembedwe 4800 kapena 6400, magalasi a mkati mwake satha kusiyanitsa tinthu tating'ono choncho. Zenizeni zomwe amaona kawirikawiri sizifika theka la nambala yolembedwayo. Makina opangidwira filimu yokha ndi amene amayandikira nambala yawo. Choncho 6400 pa sikana ya galasi ndi kudikira nthawi yaitali, ndipo malaiti akathima muli pakati mumayambiranso.

Chotsani nsalu ya m'chivundikiro, lowetsani chidutswa m'chogwirira chake. Filimu ili ndi mbali yonyezimira ndi mbali yosanyezimira, komwe kuli chojambulidwacho. Pa masikana a Epson yonyezimira imayang'ana pansi, koma makina amasiyana, ndiye onani kachizindikiro kali pa chogwiriracho. Mukapeza zolembedwa pa malaya kapena pa chikwangwani zatuluka chagada, mwaitembenuza. Chogwirira chimakhala ndi kampata kopanda kanthu kumutu kwake, komwe sikana imayezerapo nyali yake. Musakatseke, apo ayi mizere idzadutsa chithunzi chonse. Ndipo filimu isakhudze galasi. Ikakhudza, pamatuluka timikombero tamitundu ngati mafuta a galimoto pamadzi. Manegetivu opindika chifukwa chokhalitsa atakulungidwa, aikeni m'kachikwama kake pansi pa mabuku olemera kwa masiku angapo, chifukwa pakati pakatukuka pamachoka pomwe diso la sikana limaona bwino, chithunzi n'kutuluka chakuthwa m'mbali koma chofooka pakati.

```
Document Type: Film
Film Type: Color Negative Film
Image Type: 48-bit Color
Resolution: 3200 dpi
```

`Film Type` ndi yofunika kwambiri. Negetivu yamitundu ili ndi chikasu chofiirira pathupi lonse, chomwe chinaikidwa dala pokonza mitundu pochapa. Mukauza pulogalamu kuti ndi `Color Negative Film`, imachichotsa n'kutembenuza mitundu. Mukasankha `Positive Film` n'kutembenuza nokha, anthu onse atuluka abuluu ngati kumwamba. Pa `Preview`, ngati pulogalamu yadula mafelemu molakwika, zomwe zimachitika pa zithunzi za usiku, chokani pa `Thumbnail` mupite pa `Normal` mudule ndi dzanja, ndipo mzere wanu usalowetse timabowo ta m'mphepete, chifukwa kuwala kodutsa m'menemo kumasokoneza muyeso wa mitundu.

Nanga 48-bit n'chiyani? Pa 24-bit mtundu uliwonse mwa itatu, wofiira, wobiriwira ndi wabuluu, uli ndi masitepe 256 kuchokera kumdima kufika kukuwala. Pa 48-bit uli ndi 65536. Pa chithunzi cha papepala chosazilala, 256 ndi okwanira. Koma negetivu imasunga chithunzi chake mothinana, ndipo pochitembenuza pulogalamu imachitambasula kwambiri. Masitepe akachepa, kumwamba ndi pamasaya pamatuluka mizeremizere m'malo mosalala. Mtengo wake ndi fayilo yowirikiza: felemu imodzi pa 3200 dpi ndi 48-bit ndi mamegabayiti pafupifupi 82. Kumbukiraninso kuti JPEG siinyamula 48-bit, ndiye muyenera kusunga ngati TIFF. Pa negetivu yakuda ndi yoyera sankhani `B&W Negative Film` ndi `16-bit Grayscale`.

Pa khungu lathu lakuda pali chenjezo lina. Kuwala kosankhidwa ndi makina kumakonda kudula mithunzi, ndipo munthu wovala malaya oyera padzuwa la masana nkhope yake imamira. Tsegulani `Histogram Adjustment`, muone kaphiri ka mizere. Pansi pake pali timakona titatu. Kakuda kakumanzere ndi koyera kakumanja mutikankhire kunja mpaka kaphiri konse kakhale mkati, kenako kapakati mukasunthe pang'onopang'ono mpaka maso ndi masaya zioneke. Chithunzi chikatuluka chozilala pang'ono musade nkhawa, mudzachikometsa pokonza. Chomwe chadulidwa popanga sikani ndiye sichibwerera.

Za `DIGITAL ICE`, ngati sikana yanu ili nayo: imadutsanso kachiwiri ndi kuwala kosaoneka ndi maso, komwe kumadutsa mu utoto wa filimu yamitundu koma kumatsekedwa ndi fumbi ndi zokandika, ndipo potero imadziwa pomwe pali chilema n'kupaphimba. Pa negetivu yamitundu imapulumutsa maola ambiri, ngakhale imachedwetsa sikani. Pa filimu wamba yakuda ndi yoyera muizimitse, chifukwa chithunzi chake ndi cha siliva, ndipo siliva amatsekanso kuwala kuja, makina n'kuyesa chithunzi chonse ndi fumbi. Mudzazindikira poona nkhope zopakika ngati phala. `Dust Removal` wamba ndi ina: imangoganizira, ndipo nthawi zina imafufuta kuwala kwa m'diso kapena mabatani a jekete. Ine ndimaisiya yozimitsa, pamodzi ndi `Unsharp Mask`, yomwe imakulitsa mchenga wa filimu. Kunola ndi ntchito yomalizira, mutadziwa kukula kosindikiza.

Negetivu ya ku Kulamba inali ndi mafelemu anayi, ndipo lachitatu silinali m'chitini ngati pepala: wojambula anayandikira, agogo ali ndi mnzawo mmodzi yekha, ataima chotalika. Nditadula mnzawoyo panatsala mapikiselo pafupifupi 1900 ndi 2700. Pa A4 ndi mapikiselo 230 pa inchi, ochepera 300, koma chithunzi cha m'fulemu patebulo anthu amachionera patali ndi mkono, ndipo pamenepo ngakhale 200 imakwana. Ndikanajambula pa 2400, pakanatsala pafupifupi 170, ndipo ndi chifukwa chake pomwe ndikudziwa kuti ndidzadula ndimatenga 3200.

Chomaliza: kusunga ndi kutumiza

TIFF ija ndiyo mbewu. Musaikonze, koperani, mukonze kopeyo, ndipo potumiza tulutsani JPEG yapamwamba. JPEG imataya kanthu nthawi iliyonse mukaikonza n'kuisunganso. Ngati zithunzi za papepala ndi mazanamazana ndipo malo ndi ochepa, JPEG yoikidwa pa mulingo wapamwamba kwambiri pa 600 dpi siyoipa, TIFF n'kuisungira zokhazo zofunika. Dzina la fayilo linene chaka, malo ndi munthu, ndipo ngati kuseri kwa chithunzi kuli zolembedwa, jambulaninso kumeneko pa 300 dpi. Sungani malo awiri osiyana, osati pa fulashi imodzi, ndipo manegetivu muwabwezere m'tizikwama tawo pamalo ouma, kutali ndi khoma lomwe limanyowa dzinja.

Potumiza kwa wosindikiza kapena kwa achibale ku Lusaka ndi ku Mchinji pa WhatsApp, musatumize ngati chithunzi wamba, chifukwa imachichepetsa n'kuchifinya. Dinani kachizindikiro kolumikizira, musankhe `Document`, fayilo ipite yathunthu. Wolandirayo aone mapikiselo ake asanasindikize: ngati inu munatumiza 1900 ndi 2700 koma iye akuona manambala ochepera, yadutsa njira yolakwika, tumizaninso.